Kukhoza kumayambira pati? Mmene gulu la m'malire limapezera malikisi okhozera mayeso

Funsani anthu ambiri kuti munthu amakhoza mayeso ndi malikisi angati, akuyankhani mosazengereza kuti ndi 50 pa 100. Nambala imeneyi tinakula nayo, ndipo imaoneka yachilungamo chifukwa ndi theka ndendende. Koma ikafika pa mayeso opatsira munthu chiphaso chogwirira ntchito ya unamwino, uzamba kapena udokotala, theka limeneli limasiya kukhala lanzeru. Mayeso akakhala ophweka, munthu wosadziwa ntchito angathe kupeza 50 n'kulandira chiphaso chogwira odwala. Mayeso akakhala ovuta, munthu wodziwa ntchito bwinobwino angathe kupeza 46 n'kubwerera kumudzi, chaka chonse ndi fizi zitapita pachabe. Nambala 50 sidziwa ngati mayeso a chaka chino anali ovuta kapena ophweka.

Funso lenileni la mayeso a chiphaso ndi limodzi: kodi munthuyu tingamusiye yekha ndi wodwala? Akatswiri oyeza maphunziro anapeza njira zingapo zosandutsira funso limeneli kukhala nambala. Imodzi mwa izo ndi njira ya gulu la m'malire. Mfundo yake ndi yakuti malikisi okhozera asachokere m'mutu mwa komiti mayeso asanachitike, koma achokere kwa anthu enieni amene oyesa awaona ndi maso awo akugwira ntchito, n'kuona kuti ali pakati penipeni pa kukhoza ndi kulephera.

Kumene njirayi inachokera

Njirayi inafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi Samuel Livingston ndi Michael Zieky, akatswiri a bungwe la mayeso la Educational Testing Service ku America, m'buku lawo la mu 1982 lonena za malikisi okhozera. Pa nthawi imeneyo panali kale njira ina yotchuka, imene William Angoff anaitchula mu 1971. Mu njira ya Angoff, akatswiri amakhala pansi ndi pepala la mafunso, n'kuganizira munthu wodziwa ntchito pang'ono chabe mongokwanira, ndipo pa funso lililonse amayerekeza mwayi wakuti munthu wotereyo ayankhe molondola. Njirayi imagwira bwino pa mayeso olemba, koma munthu amene akumuganizirayo ndi wa m'maganizo chabe. Njira ya gulu la m'malire imati: m'malo moganizira munthu wotere, tiyeni timupeze pakati pa amene akuyesedwa, tione malikisi amene wapezadi.

Maganizo amenewa anapeza malo ake enieni m'sukulu za zaumoyo. Mu 1975, Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee, m'dziko la Scotland, anafalitsa mtundu wa mayeso umene lero umadziwika kuti OSCE. Ophunzira zaumoyo kuno kwathu amawadziwa bwino mayesowa. Woyesedwa amayenda m'zipinda kapena m'masiteshoni angapo, ndipo pa siteshoni iliyonse amapatsidwa mphindi zochepa kuti achite ntchito imodzi: kufunsa mbiri ya matenda, kupima wodwala, kubaya jakisoni pa chidole, kapena kulangiza mayi. Belu likalira amapita pa siteshoni yotsatira. Pa siteshoni iliyonse pamakhala woyesa mmodzi, katswiri wa ntchitoyo, amene amaona anthu ambirimbiri akuchita ntchito yomweyomweyo tsiku lonse. Maso a katswiri ameneyu ndi amene njira ya gulu la m'malire imadalira. Bungwe lopereka mayeso a madokotala ku Canada, Medical Council of Canada, linagwiritsa ntchito njirayi kwa zaka zambiri pa mayeso ake a masiteshoni amene anayamba mu 1992.

Zigamulo ziwiri pa munthu mmodzi

Pofuna kuti zimveke, tiyeni tipange chitsanzo chathu. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma ntchito yake ndi imene imachitika m'zipatala tsiku ndi tsiku.

Pa siteshoni pali mayi wobereka chidole, ndipo akuti mwana wake wa makilogalamu 10 wakhala akutsekula m'mimba masiku awiri. Woyesedwa akuyenera kuona ngati mwanayo watha madzi m'thupi, ndi kunena chithandizo. Woyesa ali ndi mndandanda wa zinthu zoyenera kuchitika, wa malikisi 20. Kodi wafunsa ngati m'chimbudzi muli magazi? Kodi waona ngati maso alowa m'kati? Kodi wamupatsa mwana madzi kuti aone ngati akumwa mwaphuma kapena akulephera kumwa? Kodi watsina khungu la pamimba n'kuona ngati likubwerera msanga? Akapeza kuti mwana watha madzi pang'ono, kodi wawerengera bwino madzi a Thanzi ORS, amene ndi mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola anayi, kutanthauza mamililita 750 kwa mwana uyu? Kodi wakumbukira mapiritsi a zinki? Kodi wawauza mayi zizindikiro zoopsa zoti abwerere nazo kuchipatala msanga? Chilichonse chimene wachita, woyesa amachonga.

Belu likalira, woyesa amapereka chigamulo chachiwiri, chosiyana ndi malikisi aja. Amayang'ana ntchito yonse monga katswiri, n'kusankha chimodzi mwa zitatu: walephera, ali m'malire, kapena wakhoza. Apa sawerengera zochonga. Akudzifunsa ngati munthuyu angamusiye m'chipinda cha ana pa helefi senta popanda womuyang'anira.

Munthu wa m'malire amaoneka motere. Walowa, wapereka moni kwa mayi, wafunsa mafunso oyenera ngakhale mosatsata dongosolo. Wayang'ana maso, watsina khungu, koma waiwala kuyesa kamwedwe ka mwana mpaka mphindi zitatsala pang'ono kutha. Wanena molondola kuti mwana akufunika Thanzi, wawerengera kawiri asanafike pa 750, ndipo za zinki sanazitchule. Sanachite chilichonse choika mwana pachiswe, komanso sanakupatseni mtima wakuti akhoza kuima payekha. Woyesa akamuona amati mumtima: "Uyu ndiye ali pa mzere." Ameneyo ndi amene timamufuna, chifukwa malikisi ake akutiuza pamene mzerewo wadutsa.

Kuwerengera kwake

Tinene kuti anthu 60 adutsa pa siteshoni imeneyi. Oyesa agamula kuti 41 akhoza, 8 alephera, ndipo 11 ali m'malire. Timasiya kaye malikisi a ena onse, n'kutenga a anthu 11 okhawo, n'kuwandanda kuyambira ochepa mpaka ambiri:

9, 10, 11, 11, 12, 12, 13, 13, 13, 14, 17

Kenako timapeza nambala imene ili pakati penipeni pa mndandandawu, yokhala ndi manambala asanu kumanzere ndi asanu kumanja. Nambala imeneyo ndi 12. Malikisi okhozera pa siteshoni iyi ndi 12 pa 20, kapena kuti 60 pa 100.

Mabungwe ena amagwiritsa ntchito avereji m'malo mwa nambala yapakati. Akaphatikiza malikisi onsewa amapeza 135, akagawa ndi 11 amapeza pafupifupi 12.3. Kusiyana kwake pano n'kochepa, koma taonani chimene chakweza averejiyo. Ndi munthu mmodzi uja wa 17. Mwina anachita zinthu zambiri za pa mndandanda koma anawalankhula mayi mwamwano, kapena ananena chinthu cholakwika chimene mndandanda sunachiganizire, ndiye woyesa anamuika m'malire. Nambala yapakati sitekeseka ndi munthu mmodzi wotere. Kaya akanapeza 17 kapena 20, pakati pakanakhalabe pa 12. N'chifukwa chake Livingston ndi Zieky anasankha nambala yapakati.

Pali chinthu china chimene ambiri amadabwa nacho. Mwa anthu 11 a m'malire aja, anayi ali pansi pa 12, ndipo asanu ndi awiri afika kapena apitirira. Njirayi mwadala imadula gulu la m'malire chapakati. Izi si zolakwika. Ngati oyesa anenadi zoona kuti anthuwa ali pa mzere, ndiye kuti ena ayenera kugwera mbali iyi, ena mbali inayo.

Mayeso sakhala a siteshoni imodzi. Tinene kuti alipo masiteshoni khumi, iliyonse ya malikisi 20, ndipo tawerengera iliyonse mwa njira yomweyi n'kupeza malikisi okhozera awa: 12, 11, 13, 10, 14, 12, 9, 13, 12, 11. Tikaphatikiza tikupeza 117 pa 200, kutanthauza 58.5 pa 100. Awa ndiwo malikisi okhozera mayeso onse. Siteshoni imene yatulutsa 14 inali yophweka, moti ngakhale anthu a m'malire anapezapo zambiri, choncho mzere wakwera. Imene yatulutsa 9 inali yovuta, ndipo mzere watsika wokha. Tikanaumirira pa 50, munthu wopeza 104 pa 200 akanalandira chiphaso ngakhale ali pansi kwambiri pa anthu amene akatswiri anawakayikira. Chaka chamawa masiteshoni akadzakhala ovuta, nambala ikhoza kudzatsika kufika pa 54, koma muyezo wa ntchito udzakhala womwewo. Chilungamo cha njirayi chili pamenepa: amene wayesedwa chaka chovuta salangidwa chifukwa cha chaka chimene wabwerera.

Onaninso kuti chigamulo cha woyesa mmodzi sichikhozetsa kapena kulepheretsa munthu pachokha. Munthu amakhoza kapena kulephera malinga ndi malikisi ake onse. Zigamulo za oyesa zimangothandiza kupeza pamene mzere uyenera kukhala, ndipo mzerewo umakhala umodzi kwa onse.

Pamene njirayi imaterereka

Vuto loyamba ndi kuchepa kwa anthu a m'malire. Kalasi ikakhala ya anthu 20, siteshoni ina ikhoza kukhala ndi anthu atatu okha m'gululi, a malikisi 9, 10 ndi 15. Nambala yapakati ndi 10. Koma woyesa akanangoganiza mosiyana pang'ono za munthu wa 10 uja n'kumuika kwa olephera, pakanatsala 9 ndi 15, ndipo pakati pake ndi 12. Maganizo a munthu mmodzi pa wophunzira mmodzi asuntha mzere ndi malikisi awiri athunthu pa 20. Nthawi zina siteshoni imatha tsiku lonse popanda wa m'malire ngakhale mmodzi, ndipo pamenepo palibe chowerengera. Njirayi imafuna gulu lalikulu la oyesedwa.

Vuto lachiwiri, limene ndi lalikulu koposa, ndi kusokoneza mawu akuti "ali m'malire" ndi akuti "sindikudziwa". Woyesa amene watopa, amene maganizo ake anachoka kwa kamphindi, kapena amene amaopa kulepheretsa mwana wa mwini, amathawira pa bokosi lapakati. Zikatero gulu la m'malire limadzaza ndi anthu osiyanasiyana, ena olephera kwenikweni, ena okhoza bwino. Chizindikiro chake chimaoneka pa manambala. Mu chitsanzo chathu, anthu asanu ndi anayi mwa 11 ali pakati pa 10 ndi 14, ndipo izi zikuonetsa kuti oyesa ankaona mtundu umodzi wa munthu. Koma malikisi a gululi akanamwazikana kuyambira 4 mpaka 19, nambala yapakati ikanapezekabe, koma yosadalirika. Komiti ikaona kumwazikana kotere iyenera kuifufuza siteshoniyo, osangolandira nambala.

Chizindikiro china ndi kuyerekeza magulu atatu aja. Malikisi a olephera ayenera kukhala pansi, a m'malire pakati, a okhoza pamwamba. Ngati a m'malire akupeza mofanana ndi okhoza, ndiye kuti mndandanda ndi maso a akatswiri zikuyeza zinthu zosiyana. Kawirikawiri mlandu umakhala wa mndandanda, umene umapereka malikisi ambiri pa zinthu zing'onozing'ono monga kutchula dzina ndi kutseka katani, n'kupereka limodzi lokha pa kuwerengera mankhwala.

Vuto lachitatu ndi la woyesa amene amaphatikiza kaye malikisi, n'kuona kuti afika 10 pa 20, kenako n'kulemba kuti ali m'malire chifukwa ndi theka. Akatero ndiye kuti 50 uja walowanso pa khomo lakuseri, ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Njirayi imafuna zigamulo ziwiri zoima pazokha. Ngati chaka ndi chaka masiteshoni onse, ovuta ndi ophweka omwe, akutulutsa mzere pa theka ndendende, pamenepo mpofunika kukayikira.

Vuto lachinayi ndi kusiyana kwa oyesa. Ena ndi ouma mtima, ena ndi ofatsa. Mayeso akamachitika m'malo awiri kapena atatu tsiku limodzi, siteshoni yomweyo imakhala ndi oyesa osiyana. Woyesa wouma mtima amaika m'malire anthu amene akhoza bwinobwino, ndipo mzere umakwera. Wofatsa amaikamo anthu olephera, ndipo umatsika. Njira yoonera ndi kuwerengera mzere wa woyesa aliyense payekha. Ngati wina akutulutsa 10 ndipo mnzake akutulutsa 14 pa siteshoni yomweyo, ndi ophunzira a mphamvu zofanana, ndiye kuti awiriwa sakugwirizana za munthu amene akumufuna.

Mankhwala a mavuto atatu omalizirawa ndi amodzi, ndipo amamwedwa mayeso asanayambe. Oyesa ayenera kukhala pamodzi n'kulemba m'mawu omveka kuti wa m'malire pa siteshoni iyi amachita zotani ndipo amalephera zotani. Ayenera kuonera limodzi mavidiyo kapena masewero a anthu akuchita siteshoniyo, aliyense n'kugamula payekha, kenako n'kukambirana pamene asiyana. Ayeneranso kukumbutsana kuti akuyeza munthu woyamba ntchito, osati katswiri wa zaka makumi awiri ngati iwo. Kusumana kumeneku kumadya nthawi ndi ndalama, koma ndiko kumapatsa nambala ija tanthauzo.

Zowonjezera zimene mabungwe amaika

Pofuna kuthana ndi kuchepa kwa anthu a m'malire, akatswiri anakonza njira ina yochokera ku yomweyi, imene imagwiritsa ntchito malikisi a oyesedwa onse. Amajambula pa galafu chigamulo cha munthu aliyense moyang'anizana ndi malikisi ake, n'kudutsitsa mzere wowongoka wotsata mmene malikisi akukwerera kuchoka kwa olephera kufika kwa okhoza kwambiri. Kenako amawerenga malikisi amene mzerewo ukuloza pa malo a m'malire. Popeza aliyense wathandizapo, nambala yake sigwedezeka kwambiri ngakhale a m'malire akhale ochepa. Madokotala ochokera kunja, kuphatikizapo a kuno ku Malawi ndi ku Zambia, amene amafuna kukagwira ntchito ku Britain amakumana nayo njira imeneyi pa mayeso a PLAB 2, amene bungwe la General Medical Council limachititsa ku Manchester.

Chachiwiri ndi nkhani ya kubisala kumbuyo kwa malikisi onse. Munthu angathe kufika pa 117 chifukwa chochita bwino kwambiri masiteshoni olankhula ndi odwala, pamene walephera masiteshoni ambiri ogwira ntchito ndi manja. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amaika lamulo lachiwiri lakuti munthu akhozenso chiwerengero china chake cha masiteshoni, mwachitsanzo asanu ndi awiri mwa khumi. Lamulo limeneli liyenera kulengezedwa mayeso asanachitike.

Chachitatu ndi kuvomereza kuti mayeso aliwonse amaphonya pang'ono. Thumba limodzi la chimanga mukaliika pa sikelo kawiri, singano siima pa malo amodzimodzi ndendende. N'chimodzimodzi munthu: akanayesedwa tsiku lina, ndi masiteshoni ena, malikisi ake akanasiyana pang'ono. Akatswiri amatha kuwerengera kukula kwa kaphonyedwe kameneka. Tinene kuti pa mayeso athu ndi malikisi 5. Bungwe likhoza kusankha kukweza mzere kuchoka pa 117 kufika pa 122, kuti munthu wosakwanira asadutse mwamwayi. Mtengo wake ndi wakuti ena oyenera adzalephera n'kubwereza. Apa masamu sangasankhe. Ndi anthu amene ayenera kupima kuti choipa kwambiri n'chiti: kupereka chiphaso kwa munthu wosakonzeka, kapena kuchedwetsa munthu wokonzeka m'dziko limene zipatala zikusowa antchito. Pa ntchito yogwira miyoyo, mabungwe ambiri amapendekera ku chitetezo cha wodwala, bola wolepherayo akhale ndi mwayi wobwereza msanga.

Zimene woyesedwa ayenera kudziwa

Njirayi ili ndi chinthu chimodzi chimene chimavuta kuchilandira. Malikisi okhozera sadziwika mpaka mayeso atatha, chifukwa amachokera m'mayeso momwemo. Wophunzira amene wapeza 56 pa 100 n'kuuzidwa kuti walephera akhoza kuganiza kuti wina wasuntha mzere mwadala. Ena amaganiza kuti akupikisana ndi anzawo, ndi kuti pali chiwerengero cha anthu chimene chiyenera kulephera. Sizili choncho. Palibe chiwerengero choikidwiratu, ndipo munthu amayezedwa ndi muyezo wa ntchito, osati ndi malo amene wapeza m'kalasi. Kalasi ikakhala yamphamvu olephera amachepa, ikakhala yofooka amachuluka.

Koma bungwe silingayembekezere kuti anthu angolikhulupirira. Liyenera kunena poyera, mayeso asanafike, kuti lidzagwiritsa ntchito njira iti, nambala yapakati kapena avereji, ngati lidzawonjezera kaphonyedwe ka mayeso, ndi masiteshoni angati amene munthu ayenera kukhoza. Mayeso akatha, liyenera kusunga ndi kutha kuonetsa kuti pa siteshoni iliyonse a m'malire analipo angati, malikisi awo anamwazikana bwanji, ndi kuti oyesa anasulidwa motani. Wolephera amene wachita apilo ayenera kuonetsedwa malikisi ake pa siteshoni iliyonse pambali pa mzere wa siteshoniyo, kuti adziwe pamene akuyenera kukonza.

Palibe njira imene imatulutsa nambala yochokera kumwamba. Malikisi okhozera aliwonse ndi chigamulo cha anthu. Ubwino wa gulu la m'malire ndi wakuti chigamulocho chimapangidwa ndi akatswiri ambiri, aliyense akuyang'ana ntchito yeniyeni, ndipo chimasiya mapazi amene wina angawalondole n'kupeza pamene panalakwika. Wophunzira amene tsogolo lake ladalira malikisi awiri kapena atatu, ndiponso mayi amene adzapereke mwana wake m'manja mwa wophunzirayo, onse ali ndi ufulu wofunsa kuti mzerewo unapezeka bwanji, ndi kulandira yankho limene angathe kuliwerengera okha.